Used to, be used to ndi get used to: mungasankhe bwanji yankho lolondola pa mayeso?

*Aphunzitsi, ine ndikubwereza MSCE ndipo ndimaphunzira sukulu yamadzulo ndikaweruka kuntchito. Pa mayeso oyeserera panabwera chiganizo ichi: "My grandmother is used to ____ water from the borehole every morning." Mayankho anali A. draw, B. drawing, C. drew, D. drawn. Ine ndinasankha A chifukwa chiyambire ku pulayimale anatiphunzitsa kuti "to" akabwera, mneni wotsatira sasintha. Anandithetha, akuti yankho ndi B. Nanga bwanji timati "I used to draw water"? Zinthu zitatu izi, "used to", "be used to" ndi "get used to", zikundizunguza mutu. Chonde ndithandizeni.*

Chemwali, lamulo limene munaphunzira ku pulayimale silabodza ayi, kungoti limagwira *to* mmodzi yekha, pamene m'Chingerezi muli a *to* awiri amene amalembedwa mofanana koma ntchito zawo n'zosiyana. Woyamba ndi uja amamatirira ku mneni, ngati mu *to go*, *to eat*, *to draw*. Ameneyo ndi mnzake wa *ku-* wathu wa mu *kupita*, *kudya*, *kutunga*. Wachiwiri ndi mperekezi, uja timamuona mu *I went to Balaka* kapena *Give it to me*. Mperekezi satsatiridwa ndi mneni wosasintha. Amafuna dzina, mlowam'malo, kapena mneni amene wavala *-ing* kuti agwire ntchito ngati dzina. M'chiganizo cha agogo chija, *to* amene munamuona anali mperekezi. Choncho *drawing* ndiye anayenera kulowa pampatapo.

Tsono mungamudziwe bwanji kuti uyu ndi *to* uti? Musayambire kumanja kwa *used*, kumene kuli mpata. Yambirani kumanzere. Kumeneko ndi kumene kuli chizindikiro. Ngati mwininkhani wagundana ndi *used* popanda kanthu pakati, monga *My grandmother used to*, ndiye kuti *used* ndi mneni wa nthawi yakale ndipo chotsatira ndi mneni wosasintha: *My grandmother used to draw water*. Koma ngati pakati pawo pali *am, is, are, was, were, been*, kapena *get, got, getting*, ndiye kuti *used* wasiya kukhala mneni wa nthawi yakale. Wasanduka mfotokozi, wofanana ndi *tired* mu *she is tired* kapena *afraid* mu *she is afraid*. Monga timanenera *she is tired of drawing water* ndi *she is afraid of drawing water*, momwemonso *she is used to drawing water*. Palibe amene amadabwa ndi *-ing* akabwera pambuyo pa *of*. Chimene chimatipusitsa pano ndi chakuti mperekeziyo ndi *to*, ndipo diso linazolowera kumuona akuyenda ndi mneni wosasintha.

Ine ndikamaphunzitsa mutu umenewu ndimakonda kuyamba ndi Chichewa, chifukwa chinenero chathu chinasiyanitsa kale zinthuzi bwinobwino. Tamverani ziganizo ziwiri izi. Agogo ankatunga madzi pamjigo. Agogo anazolowera kutunga madzi pamjigo. Palibe Mchewa amene angazisokoneze. Choyamba chikutiuza kuti zinali zakale, lero mwina mawondo akana kapena mpopi unafika pakhomo. Chachiwiri chikutiuza kuti ntchitoyi siyachilendo kwa iwo, saiona kulemera, ndipo mwina m'mawa womwe uno anali kumjigo ndi ndowa yawo. Ka *-nka-* ka mu *ankatunga* ndiye *used to*. *Kuzolowera* ndiye *be used to* ndi *get used to*. Mukakumana ndi funso lotere, linong'onezeni m'Chichewa mumtima. Likatuluka ndi *-nka-*, mukufuna *used to* ndi mneni wosasintha. Likatuluka ndi *kuzolowera*, mukufuna *be* kapena *get*, ndipo chotsatira ndi dzina kapena *-ing*.

Komabe Chichewa chomwecho chili ndi misampha iwiri, ndipo ndikuganiza kuti umodzi mwa iyo ndi umene unakukolani. Woyamba: ife timati *ndinazolowera kudzuka m'mamawa*, ndipo mutu ukangomva *kudzuka* umathamangira ku *to wake*. Koma taonani bwino malo amene *kudzuka* wakhala. Mungathe kumuchotsa n'kuikapo dzina lenileni: ndinazolowera nsima ya mgaiwa, ndinazolowera phokoso la m'tauni, ndinazolowera fumbi. Ndiye kuti *kudzuka* pamenepo akugwira ntchito ya dzina, ngati mmene timanenera kuti *kudzuka m'mamawa n'kowawa*. Chingerezi chikafuna kusandutsa mneni kukhala dzina pambuyo pa mperekezi, chimamuveka *-ing*. Choncho *ndinazolowera kudzuka m'mamawa* ndi *I am used to waking up early*. Nayi njira yoyesera imene mungaigwiritse ntchito m'chipinda cha mayeso: ikani *it* pampatapo. *My grandmother is used to it* chikumveka bwino, choncho mpatawo ndi wa dzina, ndipo mneni wolowapo avale *-ing*. Koma *My grandmother used to it* n'chiganizo chothyoka, chikudikira mneni.

Msampha wachiwiri ndi wa nthawi. Mukati *ndinazolowera*, mneniyo ali ndi *-na-*, amaoneka ngati wakale, chonsecho mukunena za mmene mulili lero. Ophunzira ambiri amatengera *-na-* ameneyu ku Chingerezi n'kulemba *I used to the heat* kapena *I used to work at night*, pamene akufuna kunena kuti ntchito yausiku anaizolowera. Womvayo amamva zosiyana kotheratu: kuti kale munkagwira usiku koma munasiya. Ndinaonapo kalata yofunsira ntchito ya ulonda imene mnyamata wina anandibweretsera kuti ndimuonere asanakapereke. Analemba kuti *I used to work at night*, ndipo nditamufunsa anati akutanthauza kuti iye tulo sitimuvuta, usiku anauzolowera. Anangosiya *am* mmodzi ndi *-ing* mmodzi, koma uthenga wonse unatembenuka. Tinakonza kukhala *I am used to working at night*.

Tsopano tiyeni tigwire mafunso enieni, chifukwa pa mayeso a chisankho ntchito yaikulu ndi kuchotsa mayankho olakwika limodzilimodzi. Nali loyamba.

*Zomba ____ the capital of Malawi.*
A. is used to be
B. used to be
C. used to being
D. was used to be

Linong'onezeni m'Chichewa. Zomba inali likulu la dziko lino kale, mpaka likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Palibe za kuzolowera pano. Ndiye tikufuna *used to* wopanda *is* kapena *was* kumanzere kwake. A ndi D agwa. Atsala B ndi C. Popeza kumanzere kulibe *be*, *to* uyu ndi wa mneni wosasintha, choncho C wagwa. Yankho ndi B. Onani kuti *used to be* ndi *be used to* ali ndi mawu atatu omwewo, kungosiyana ndondomeko. Olemba mayeso amadziwa zimenezi ndipo amakonda kuwaika pamodzi. *Be* akakhala kumapeto, ndi mneni wamba amene watsatira *used to*, ndipo tanthauzo ndi "anali" kapena "inali". Akakhala koyambirira, ndiye kuzolowera.

Funso limeneli likutiphunzitsanso kanthu kena. *Used to* sagwira zochita zobwerezabwereza zokha, monga kutunga madzi m'mawa uliwonse. Amagwiranso mmene zinthu zinalili kale: kukhala likulu, kukhala ndi ng'ombe, kukonda chinthu, kukhala pamalo. Apa ndi pamene amasiyana ndi *would*, amene nthawi zina amaikidwa pa mayankho kuti akusocheretseni. Mungathe kunena *Every evening my grandfather would tell us stories*, chifukwa kusimba nthano ndi chochita chobwerezedwa. Koma simunganene *Zomba would be the capital* mukutanthauza zakale, kapena *We would have many cattle*. Pamenepo ndi *used to* yekha.

Tibwere kwa *get*. Kusiyana kwa *be used to* ndi *get used to* sikuli m'kamangidwe, chifukwa onse awiri amatsatiridwa ndi dzina kapena *-ing*. Kuli m'tanthauzo. *Be used to* ndi munthu amene wafika kale, chinthucho sichimuvutanso. *Get used to* ndi ulendo wake, kuchoka pa kuona chachilendo kufika pozolowera. M'Chichewa timagwiritsa ntchito mneni mmodzi n'kumangosintha nthawi yake. *Ndinazolowera* ndi *I am used to it*. *Ndikuzolowera pang'onopang'ono* ndi *I am getting used to it*. *Udzazolowera* ndi *you will get used to it*. *Ndinachedwa kuzolowera* ndi *it took me long to get used to it*. Choncho chiganizo chikakhala ndi mawu osonyeza kusintha kapena kutha kwa nthawi, monga *soon, slowly, gradually, eventually, at first, it took*, tcherani khutu, kawirikawiri akufuna *get*.

*When Chikondi moved from Nsanje to Dedza, it took her months to ____ the cold.*
A. used to
B. be used
C. get used to
D. use to

Aliyense amene anakhalapo ku Chigwa cha Shire n'kukagona ku Dedza mwezi wa Juni akudziwa zimene Chikondi anaona. Yang'anani kumanja kwa mpata: pali *the cold*, limene ndi dzina. *Used to* wa zakale safuna dzina, amafuna mneni, choncho A ndi D agwa nthawi yomweyo. B alibe *to*, ndipo *be used the cold* sichimangika. Watsala C, ndipo tanthauzo likugwirizana naye: *it took her months* akutiuza kuti panali ulendo wa miyezi. Musachite mantha kuona a *to* awiri m'chiganizo chimodzi, *to get used to the cold*. Woyamba ndi wa mneni *get*, wachiwiri ndi mperekezi. Onse awiri amene ndinawatchula poyamba aja akumana pamodzi.

Yankho B lija ndaliika dala. Kuno kwathu timamva kawirikawiri anthu akuti *I am used*, n'kuthera pomwepo, chifukwa m'Chichewa *ndinazolowera* amaima yekha. Pocheza timamvana, koma pa mayeso n'cholakwika, ndipo kwa mlendo *I am used* angamveke ngati mukuti anthu amakudyerani masuku pamutu. Chiganizocho chimalizidwe: *I am used to it*.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kukuchenjezani nacho, chifukwa mukangogwira lamulo lakuti "*is used to* amatsatiridwa ndi *-ing*" n'kulimanga mfundo, tsiku lina lidzakugwetsani. Taonani ili.

*A hoe is used to ____ ridges.*
A. making
B. make
C. made
D. makes

Kumanzere kuli *is*. Wophunzira woloweza lamulo asankha A mosaganiza. Koma linong'onezeni m'Chichewa: khasu linazolowera kupanga mizere? Ayi, khasu lilibe mtima woti lizolowere kanthu. Chiganizochi chikuti khasu limagwiritsidwa ntchito popanga mizere. Uyu ndi mneni wamba *use*, kugwiritsa ntchito, ali mu kachitidwe ka chochitidwa, ndipo *to* wotsatirayo akusonyeza cholinga. Yankho ndi B. Mungatsimikize posintha *to* kukhala *for*: *A hoe is used for making ridges*. Ngati kusinthako kukusunga tanthauzo, ndiye kuti nkhani ndi ya kugwiritsa ntchito chinthu. Yesani pa agogo aja: *My grandmother is used for drawing water*. Mwamva nokha mmene chanyansira. Ndiye kwa agogo kunali kuzolowera.

Khutu nalonso limathandiza, ngakhale pa pepala simumva mawu. *Used* wa kugwiritsa ntchito amatchulidwa ndi *z*, ngati "yuuzd". *Used to* wa zakale ndi wa kuzolowera amatchulidwa ndi *s*, ndipo mawu awiriwo amalumikizana ngati "yuustu". Mukamawerenga nokha kunyumba muziwatchula mokweza mosiyanitsa chonchi, pakapita nthawi pakamwa padzayamba kukuuzani yankho mutu usanaganize.

Kawirikawiri mwininkhani akakhala chida, monga khasu, mpeni, sopo kapena feteleza, ndi kugwiritsa ntchito, ndipo akakhala munthu ndi kuzolowera. Koma ndikuti kawirikawiri, osati nthawi zonse. Ziweto zimakhala pakatikati. *The oxen are used to pull the cart* ndi *The oxen are used to pulling the cart* zonse n'zolondola. Choyamba chikuti ng'ombezo ntchito yake n'kukoka ngolo. Chachiwiri chikuti ng'ombezo zinazolowera goli, sizivutanso. Funso lolembedwa bwino limakupatsani kachidutswa kena kokuthandizani kusankha. Likapitiriza kuti *so they no longer kick when we yoke them*, nkhani ndi ya kuzolowera, sankhani *pulling*. Likayamba ndi *In our village donkeys carry maize while oxen are used to*, nkhani ndi ya ntchito ya chiweto chilichonse, sankhani *pull*. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira anga kuti asamaime pampata, aziwerenga mpaka pa mpumiro. Mamalikisi ambiri amatayika chifukwa munthu wawerenga theka la chiganizo.

Za mafunso ndi kukana ndinena mwachidule. *Used to* wa zakale amabwereka *did*, ndipo *did* akabwera, *d* wa kumapeto amachoka, monga mmene *walked* amabwerera ku *walk* mu *Did you walk?* Choncho ndi *Did you use to walk to school?* komanso *I didn't use to like okra*. Mudzaona eni chinenero ena akulemba *didn't used to*, popeza m'kamwa sizisiyana, koma pa mayeso sankhani wopanda *d*. Wa kuzolowera sabwereka *did*, chifukwa ali kale ndi *be* wake: *Are you used to walking?*, *I am not used to walking*. Ndipo *d* wake sachoka nthawi ina iliyonse, chifukwa ndi mfotokozi. Ngakhale mu *Did you get used to the cold?*, *did* akugwira *get*, *used* amakhala mmene alili. Mukaona *I am use to* pa mayankho, lidutseni.

Samalaninso ndi *be* wobisala. Nthawi zina amafupikitsidwa kukhala kachilembo kamodzi kapena tiwiri, *I'm used to*, *she's used to*, *they're used to*, ndipo diso lothamanga silimuona. Nthawi zina amatalikirana ndi *used* chifukwa palowa mawu ena pakati: *She is not yet fully used to*, *He has never really got used to*. Ikani chala pa *used*, bwererani kumanzere mukudumpha *not, yet, never, quite, already, soon*, mpaka mupeze mneni kapena mwininkhani. Koma *never* yekha sasintha kanthu. Mu *He never used to smoke*, mukadumpha *never* mwagunda *he*, choncho ndi zakale: sankasuta.

Tsono pali malire awiri a *used to* wa zakale amene mabuku ambiri amangowadutsa. Oyamba: alibe nthawi yatsopano. M'Chichewa tili ndi *ndinkapita* komanso *ndimapita*, ndiye wophunzira amaganiza kuti ngati *ndinkapita* ndi *I used to go*, basi *ndimapita* akhale *I use to go*. Chingerezi chilibe zimenezo. *Ndimapita kutchalitchi Lamulungu lililonse* ndi *I go to church every Sunday*, kapena *I usually go*. Chiganizo chikakhala ndi *nowadays* kapena *these days* pa mbali imene pali mpata, *used to* ndi *use to* onse ndi nyambo chabe. Koma onetsetsani kuti mawuwo ali mbali iti. Mu *I ____ play netball, but these days I have no time*, *these days* ali m'chigawo chachiwiri, ndipo akutsimikizira kuti chigawo choyamba ndi chakale. Pamenepo yankho ndi *used to*.

Malire achiwiri ndi amene amagwetsa ngakhale ophunzira anzeru, chifukwa apa Chichewa sichikuchenjezani kwenikweni.

*My uncle ____ in Mzuzu for five years before he retired.*
A. used to work
B. is used to working
C. worked
D. got used to work

D wagwa chifukwa cha kamangidwe ngati *work* ndi mneni, popeza *got used to* amafuna *working*. B ali mu nthawi yatsopano pamene *before he retired* akutiika m'mbuyo, ndiponso nkhani siya kuzolowera. Ambiri apa amasankha A, poti ndi zakale ndipo amalumewo anasiya. Koma *used to* sayenda ndi mawu otchula kutalika kwa nthawi kapena kuchuluka kwa maulendo. Amangonena kuti zinali choncho kale, osawerengera. Mukangoti *for five years*, *three times*, kapena kutchula chochitika cha kamodzi monga *last Monday*, mwatseka nthawiyo m'malire, ndipo mukufuna nthawi yakale wamba. Yankho ndi C. Mukachotsa *for five years*, A amakhala wolondola: *My uncle used to work in Mzuzu before he retired*.

Pomaliza, nachi chiganizo chimene ndimalemba pa bolodi kuti ndione ngati kalasi yamvadi. Chiyeseni musanawerenge kumunsi.

*Before 1971 Malawians ____ pounds, so older people took time to get used to ____ in kwacha.*
A. used to use / counting
B. were used to use / count
C. used to using / counting
D. use to use / count

Yambani ndi mpata wachiwiri, chifukwa ndi wosavuta. Kumanzere kwake kuli *get used to*, ikani *it* mukuona kuti akulowa, ndiye tikufuna *counting*. B ndi D agwa pamodzi. Mpata woyamba ukunena kuti Amalawi ankagwiritsa ntchito mapaundi kwacha isanabwere mu 1971. Mwamva *-nka-*. Pa A ndi C palibe *were* kumanzere kwa *used*, choncho mneni wotsatira asasinthe, ndipo C wagwa. Yankho ndi A. *Used to use* amaoneka ngati munthu wachita chibwibwi, ndipo ophunzira ambiri amamuthawa chifukwa cha maonekedwe okhawo. Koma *used to* woyambayo ndi *-nka-* wathu uja, wotchulidwa ndi *s*, ndipo *use* wachiwiriyo ndi kugwiritsa ntchito, wotchulidwa ndi *z*.